Dzina la mwini m'matagi likhoza kukutsekeretsani tchanelo

Mnyamata wokonza mafoni wajambula vidiyo yoonetsa kasinthidwe ka sikirini yosweka ya Tecno Spark. Poiika pa YouTube, wafika pa kabokosi kolembedwa Tags, kamene kamabisala pansi pa Show more. Walembamo mawu oyenera, kenaka n'kuwonjezera iPhone, Samsung Galaxy ndi dzina la tchanelo china chotchuka cha okonza mafoni. Maganizo ake ndi oti wofunafuna mayina akuluakuluwo agwere pa vidiyo yake.

Iye akuona ngati ndi nzeru zamalonda, koma limeneli ndi bodza. Matagi ndi mawu amene mwini vidiyo amauza nawo makina a YouTube zimene zili m'katimo. Kulemba iPhone pa vidiyo yopanda iPhone n'chimodzimodzi kulemba "shuga" pa thumba la mchere. Wonamizidwa woyamba ndi makinawo, koma wopwetekeka ndi munthu amene foni yake yasweka, wagula bandulo ndi ndalama yovutikira, ndipo akuithera pa vidiyo yosamuthandiza. Nayenso mwini tchanelo chotchukacho walakwiridwa, pakuti dzina limene analimanga ndi thukuta lake likukokera anthu kwa wina iye osadziwa. Oimba ena ongoyamba kumene amachitanso zomwezi ndi mayina a oimba otchuka amene sali m'nyimboyo n'komwe.

YouTube ili ndi lamulo loletsa chinyengo, lotchedwa Spam, deceptive practices and scams. Limaletsa kugwiritsa ntchito mutu, chithunzi chapamwamba kapena mawu ofotokozera vidiyo pofuna kupusitsa anthu kuti muli zimene mulibe. Kuunjika matagi m'malo olembamo kufotokoza kwa vidiyo n'koletsedwanso, ndipo mahashitagi osagwirizana ndi vidiyo akhoza kuichotsetsa.

Chilango chimabwera pang'onopang'ono, koma n'chowawa. Vidiyo yophwanya lamulo imachotsedwa, ndipo ngati n'koyamba, nthawi zambiri mwini wake amangochenjezedwa. Akabwereza amalandira chilango choyamba: sabata imodzi osaika chilichonse pa tchanelo. Chilangocho chimakhala m'mbiri ya tchanelo masiku 90. Chachiwiri chikabwera masikuwo asanathe, amakhala masabata awiri osaika kanthu, ndipo chachitatu chimatseketsa tchanelo chonse pamodzi ndi mavidiyo ake. Kupatula apo, kampani yomwe dzina lake lagwiritsidwa ntchito mosokoneza anthu ili ndi njira yakeyake yodandaulira ku YouTube.

Chomvetsa chisoni n'chakuti mnyamatayu akuika ntchito yake pachiswe chifukwa cha chinthu chopanda phindu lenileni. YouTube yokha imanena kuti matagi amathandiza pang'ono chabe kuti vidiyo ipezeke, ndipo amagwira ntchito makamaka pamene dzina la chinthu limalembedwa molakwika kawirikawiri. Zolemera kwambiri ndi mutu, chithunzi, kufotokoza, ndiponso zimene oonera amachita akatsegula vidiyo. Apa m'pamene bodza limamutembenukira mwini wake ngakhale asanagwidwe. Wofuna za iPhone akaona Tecno amatuluka nthawi yomweyo, ndipo makina akamaona anthu akuthawa vidiyo ikangoyamba, saona chifukwa choionetsera ena.

Mnyamatayu akhoza kudzionera yekha zimenezi. Mu YouTube Studio, pansi pa Analytics, muli mndandanda wa mawu amene anthu analemba pofunafuna asanafike pa vidiyo, komanso mzere woonetsa pamene oonera amasiyira. Ngati obwera ndi mawu oti iPhone akungokhala timasekondi, ndiye kuti tagiyo ikumubweretsera anthu olakwika. Ngati mawuwo sakuoneka n'komwe pa mndandandawo, tagiyo siinamupatse kanthu, yangomusiyira ngozi.

Sikuti dzina la kampani n'loletsedwa kulilemba. Tecno Spark iyenera kukhalapo, chifukwa ndiyo ili pa tebulo. Akanakhala kuti akuyerekeza Tecno ndi Samsung, mafoni onse awiri ali m'manja, mayina onsewo akanakhala oona. Ine muyeso wanga ndi uwu: kodi munthu amene walemba dzinalo pofunafuna adzapeza chimene akufuna m'vidiyoyi? Kutchula iPhone kamodzi modutsa sikupangitsa vidiyo kukhala ya iPhone. Matagi oona a mnyamatayu akhoza kukhala otere:

```
Tecno Spark, Techno Spark, kusintha sikirini, kukonza foni
```

Techno yolakwikayo ilipo dala, popeza anthu ambiri amailemba choncho. Kabokosiko kamalola zilembo 500, koma palibe amene anakulamulani kukadzaza.

Ngati muli ndi mavidiyo akale amene munawadzaza mayina a eni, musadikire uthenga wa chenjezo. Matagi amasinthika nthawi iliyonse popanda kuchotsa vidiyo, choncho tsegulani iliyonse lero, mufufute dzina lililonse la chinthu kapena munthu amene mulibe m'vidiyomo.