Masitepe 1024 a Arduino Uno ndi Malire Ake

Kutentha sikudumpha, kumakwera pang'onopang'ono ngati madzi m'chitsime. Koma Arduino Uno imawerenga mphamvu ya magetsi yochokera ku sensa ngati munthu wokwera makwerero. Ili ndi mabiti 10, ndipo biti iliyonse ndi 0 kapena 1. Mukachulukitsa 2 ndi 2 mpaka ma 2 akwane khumi mupeza 1024, n'chifukwa chake `analogRead()` imapereka nambala kuyambira 0 mpaka 1023 basi.

Tsono gawani mavoti 5 m'zigawo 1024. Sitepe iliyonse ndi mamilivoti pafupifupi 4.9.

Tengani sensa ya LM35, imene imaonjezera mamilivoti 10 pa digiri iliyonse. Pa madigiri 25 imatulutsa mamilivoti 250, Arduino n'kuonetsa 51. Ikaonetsa 52, kwatentha ndi pafupifupi theka la digiri. Zapakatipo siziona, ndiye mukaona 25.37 pa sikirini musanyengeke, manambala akumapetowo ndi ochokera m'masamu chabe.

Chimandidandaulitsa n'chakuti m'chipinda wamba masitepe ambiri amangokhala osagwira ntchito. Lembani `analogReference(INTERNAL)` kuti muyezo utsike kufika pa mavoti 1.1. Sitepe idzachepa kufika pafupifupi 0.1 ya digiri, koma zolakwa za sensayo zidzatsalabe. Iyerekezeni kaye ndi choyezera kutentha chodalirika.