Ulaliki umodzi, mawu apansi a zinenero ziwiri

Mipingo yambiri ku Malawi tsopano imaika mapemphero a Lamulungu pa YouTube, ndipo ena mwa oonera okhulupirika ali ku Joni, ku Manchester ndi ku Dublin. Makolo amamva zonse, koma ana amene akulira kunjako amangotolapo mawu awiri atatu, pamene mkamwini kapena mtengwa wa mtundu wina samva kanthu. Mawu olembedwa m'munsi mwa kanema amathetsa vutoli, pokhapokha akonzedwe mwaluso.

Ambiri amayamba n'kuunjika Chichewa ndi Chingerezi pamodzi, mizere inayi pansi pa nkhope ya abusa. Pafoni, mizereyo imaphimba gawo lalikulu la chithunzi, ndipo diso limasokonezeka posadziwa mzere woti litsate. Ine ndimati pakhale mafailo awiri osiyana, lina la Chichewa, lina la Chingerezi. Mu YouTube Studio, pagawo la Subtitles, mumadina Add language n'kuika failo lililonse palokha.  Woonera ndiye amasankha yekha chinenero pakabatani ka Settings. La Chichewalo musalione ngati losafunika: limathandiza agogo amene makutu ayamba kuvuta, abale osamva, ndiponso mwana wobadwira kunja amene akuphunzira kuwerenga chinenero cha kwawo.

Makina a YouTube salemba Chichewa pawokha. Mukasiya kanema atalembedwa kuti ndi wa Chingerezi, makinawo amayesa kumva Chingerezi m'mawu a abusa n'kutulutsa zopanda mutu, nthawi zina zochititsa manyazi. Motero pafunika munthu wa khutu labwino akhale pansi ndi pulogalamu yaulere monga Subtitle Edit, alembe Chichewa poyamba, kenaka aike nthawi yoyambira ndi yothera chiganizo chilichonse. Failo lotchedwa SRT limaoneka chonchi:

```
57
00:12:04,000 --> 00:12:08,000
Abale anga, tsegulani Masalimo 23,
tiwerenge pamodzi ndime yoyamba.
```

Pali mizere iwiri yokha, ndipo palibe wopitirira zilembo 42, malire amene akatswiri ambiri a ntchitoyi amatsata. Zilembo zonse pamodzi ndi mipata ndi 66. Poti munthu amawerenga mosavutika zilembo pafupifupi 17 pa sekondi, mawuwa ayenera kukhala masekondi anayi. Mukawapatsa awiri, atha owerenga asanafike pa "tiwerenge". Apa Chichewa chimafuna chisamaliro chapadera, chifukwa mawu athu ndi aatali. "Sindidzakusiyaninso" payekha ali ndi zilembo 19, ndiye mzere umadzaza msanga. Mlaliki akatenthedwa n'kubwereza chiganizo katatu, lembani kamodzi n'kuchisiya chikhalitse pakanema.

Chichewa chikatha, koperani failolo, musakhudze manambala a nthawi, mungosintha mawu okha:

```
57
00:12:04,000 --> 00:12:08,000
Brothers and sisters, turn to Psalm 23.
Let us read the first verse together.
```

Mwa njira iyi ntchito yotopetsa yoika nthawi imachitika kamodzi basi. Womasulira asamamasulire mavesi ndi mutu wake. Ngati abusa awerenga m'Buku Lopatulika kapena m'Buku Loyera, failo la Chichewa litsate buku lomwelo liwu ndi liwu, ndipo la Chingerezi litenge vesilo m'Baibulo limodzi la Chingerezi limene mpingo wagwirizana, sabata ndi sabata. Miyambi ndiyo imavuta kwambiri. Masekondi anayi sakwanira kufotokoza za kalulu ndi njovu, choncho womasulira apereke tanthauzo lake mwachidule, mwambi weniweniwo utsale m'failo la Chichewa. Ndipo poti alaliki athu amadumphira m'Chingerezi pakati pa chiganizo, failo la Chichewa limasulirenso zigawo zimenezo, kuti agogo aja asatsalire.

Zolakwika ziwiri zimadziwika msanga. Mukaona tizizindikiro tachilendo pamalo pa ŵ, ndiye kuti failo silinasungidwe mu UTF-8, lisungeninso. Mukaona mawu onse akuchedwa mofanana kuyambira koyambirira mpaka kumapeto, mwina ndi masekondi 40, dziwani kuti wina anadula chiyambi cha kanema mawu atalembedwa kale. Subtitle Edit imatha kusuntha mizere yonse nthawi imodzi, koma chanzeru n'kumaliza kudula kanema musanayambe kulemba.

Pali malo amodzi pamene mafailo awiri sathandiza. Kachidutswa ka mphindi ziwiri kakatumizidwa pa gulu la WhatsApp la amayi a Chigwirizano, mawu osankha aja amatsala ku YouTube. Pa tizidutswa totere mawuwo ayenera kumatidwa m'chithunzi momwemo, ndipo akamatidwa safufutika. Pamenepo sankhani chinenero chimodzi molingana ndi gulu lolandira, kapena tulutsani tizidutswa tiwiri, ka Chichewa ka kumudzi ndi ka Chingerezi ka achinyamata a kunja.