Chipinda chamdima masana: kwezani zenera, musalikulitse

Lowani m'masitolo omangidwa mondandana pa malo a malonda nthawi ya nkhomaliro. Kunja dzuwa likuswa mtengo, koma telala wakokera makina ake pakhomo penipeni chifukwa kumkati sangathe kulowetsa ulusi pa singano. Chipinda chotere chimakhala chachitali kulowa mkati, makoma a m'mbali ndi ogawana ndi anzake, ndipo kuwala kumalowera kutsogolo kokha.

Eni nyumba ambiri akaona izi amaitana mmisiri kuti akulitse zenera cham'mbali. Ndalama zimapita, mdima n'kutsala pomwepo. Chomwe chimalamula mtunda umene kuwala kuyende si kutambalala kwa zenera ayi, koma kutalika kwa mutu wake kuchokera pansi. Akatswiri a zomangamanga amawerengera motere: kuwala kokwanira kugwirira ntchito kumalowa mkati mtunda wofanana ndi kutalikako kamodzi ndi theka, mwina kawiri.

Tiyeni titenge sitolo ya telala uja, yotalika mamita 6 kulowa mkati. Mwachizolowezi chathu mutu wa zenera umalingana ndi wa chitseko, pa mamita 2.1. Kuwala kwabwino kuthera pakati pa mamita 3 ndi 4, ndipo mamita awiri kapena atatu akumapeto atsala mu chizimezime. Tsopano khoma likhale la mamita 3, ndipo pamwamba pa zenera lakale paikidwe lina lopyapyala lofika pa mamita 2.8. Kuwala kuja kufika pakati pa mamita 4.2 ndi 5.6. Galasi lowonjezera ndi lochepa, koma laikidwa pamalo pake.

Mungadziyesere nokha. Khalani pampando kumapeto kwa chipinda, mutsitse mutu kufika pa msinkhu wa tebulo, muyang'ane pazenera. Ngati mukuona mpanda kapena khoma la aneba lokha, osaona thambo ngakhale pang'ono, malo amenewo sadzawala bwino.

Zenera lam'mwamba lili ndi vuto lake: dzuwa likalowa mwachindunji limathobwa m'maso ndi kutenthetsa. Apa mpamene pamafunika shelefu ya kuwala. Ili ndi thabwa, lata kapena konkire yopyapyala yogonekedwa pakati pa zenera lapansi ndi lam'mwamba, pamwamba pake popakidwa penti yoyera. Dzuwa likagwa pamenepo limanjanja kupita ku siling'i, ndipo siling'iyo imalimwaza mofatsa mpaka kumkati. Iikidwe kupitirira pang'ono mamita 2, kuti munthu ataimirira asaone pamwamba pake powalapo. Kukula kwake kufanane ndi galasi lam'mwamba: ngati galasilo ndi masentimita 60, shelefu ituluke pafupifupi masentimita 60. Yotulukira kunja imachitiranso mthunzi zenera lapansi.

Tinene mosabisa: shelefu sichulukitsa kuwala kolowa m'nyumba. Imachepetsa kung'anima kwa pazenera n'kukankhira kwina mkati, ndipo diso likasiya kulimbana ndi malo owala kwambiri limayamba kuona bwino kumapeto.

Mbali imene zenera layang'ana ndi nkhani yaikulu. Mabuku ambiri a ku Ulaya amati shelefu ikhale kumwera, koma ife tili kunsi kwa ikweta, choncho kwathu ndi kumpoto. Ku Lilongwe m'mwezi wa Juni dzuwa la masana limapendekera kumpoto, pa madigiri pafupifupi 53 kuchokera pansi, ndipo limagwa bwino pa shelefu. Mu Disembala limakhala pafupifupi paliwombo, chakumwera pang'ono, moti dzuwa sililowa mwachindunji pazenera lakumpoto. Kum'mawa ndi kumadzulo sithandiza kwenikweni, poti dzuwa lotsika limadutsa pamwamba pake n'kulasa m'maso. Chenjeraninso ndi khonde: denga lotulukira kwambiri limaphimba zenera lam'mwamba, shelefu n'kukhala pamthunzi tsiku lonse.

Zonsezi n'zachabe ngati mkati muli mwakuda. Penti yoyera kapena laimu imabweza pafupifupi magawo 8 mwa 10 a kuwala, pamene njerwa yootcha yosapaka imabweza magawo awiri kapena atatu okha. Kuwala kopita kumapeto kumagunda kangapo, ndiye onani masamu ake: kukagunda katatu pamalo oyera kumatsala theka, koma pa njerwa sikutsala ngakhale magawo atatu mwa 100. Nyumba yopanda siling'i, ya mitanda yakuda ndi malata odetsedwa ndi utsi, imameza zonse zimene shelefu yatumiza. Yambani ndi siling'i, kenaka khoma lakumapeto. Penti ikhale yosanyezimira. Ya mafuta yonyezimira ija imathobwa. Simenti yofiira ya pansi ikhoza kutsala, koma mtundu wobiriwira kapena wa buluu umene timakonda kupaka m'munsi mwa khoma kubisa litsiro usapitirire msinkhu wa tebulo.

Chotsala ndi fumbi. Pofika Okutobala pamwamba pa shelefu pamakhala patafiira, ndipo popeza palibe amene amaonapo, anthu amangodabwa kuti chipinda chadanso. Kwerani pa mpando ndi kansalu konyowa kamodzi pamwezi, ndipo musaikepo makatoni.