MAWU ATSIKE PAKHOMA, PAKWERE CHITHUNZI

Tsiku la msika pa Chinakanaka, m'boma la Mulanje, munthu safuna womuuza pamene pali nthochi, nanazi kapena matemba. Wogulitsa salemba kalata yofotokoza malonda ake. Iye amangowayala poyera, ndipo maso a wogula amamaliza okha nkhani yonse. Koma chodabwitsa nchakuti tikachoka pamsikapo ndi kulowa m'kalasi momwe mukuchitikira maphunziro a komiti ya zaumoyo ya m'mudzi, nzeru imeneyi timaisiya pakhomo. Mphunzitsi amayatsa pulojekita, ndipo pakhoma pamatuluka mawu okhaokha, othithikana ngati nyerere pa fupa.

Awerengi okondedwa, m'gawo lino tiona mmene munthu angakonzere masilaidi otere, ndiye kuti masamba oonetsa pakhoma aja, kuti mawu achepe ndipo chithunzi chigwire ntchito. Nkhaniyi si yongokometsera maso ayi. Mliri wa kolera umene unayamba m'mwezi wa Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo namondwe wa Freddy atafika mu Malichi 2023 anagumula nyumba ndi zimbudzi zambiri ku Mulanje. Pa nthawi zotere, zimene wophunzira watola m'kalasi ndizo zimene akachite kunyumba usiku mwana akayamba kutsekula m'mimba.

Mnzanga wina, amene ndi mlangizi wa zaumoyo, anandibweretsera masilaidi ake anayi onena za kolera. Iye anati, "Achimwene, zonse zofunika ndinalemba, sindinasiye kanthu. Koma nditafunsa mayi wina kuti abwereze kapangidwe ka madzi a shuga ndi mchere, anati masupuni 6 a mchere ndi theka la supuni ya shuga." Mayiyo anatembenuza miyeso, ndipo madzi a mchere wochuluka chotero angathe kuvulaza mwana wodwala m'malo momupulumutsa. Nditayang'ana silaidi yake ndinaona pamene panagona vuto. Miyeso ija inali pa mzere wachisanu ndi chiwiri, pakati pa mizere khumi ndi iwiri ya zilembo zing'onozing'ono.

Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Munthu sangathe kuwerenga ndime pakhoma uku akumvetsera mphunzitsi, pakuti zonse ziwiri zimafuna malo amodzi m'mutu, malo a mawu. Katswiri wa maphunziro wa ku Amereka, Richard Mayer, anapeza m'kafukufuku wake kuti kawirikawiri anthu amagwira bwino phunziro likabwera ndi chithunzi ndi mawu olankhulidwa, kusiyana ndi pamene mawu omwewo alembedwanso onse pamaso pawo. Kwathu kuno palinso chifukwa china: pagulu sipalephera kukhala ena amene sawerenga msanga, ndipo kwa iwo khoma lodzaza zilembo ndi khoma chabe.

Ntchito yathu tinaiyamba kompyuta ili yotseka. Tinatenga pepala ndi pensulo, ndipo pa silaidi iliyonse tinafunsa funso limodzi: kodi munthu akatuluka muno, nchiyani chimene akachite kapena akaone? Yankho lililonse tinalilemba m'chiganizo chimodzi chathunthu. Silaidi imene inatulutsa mayankho awiri tinaidula pawiri. Motero masilaidi anayi aja anakhala asanu ndi awiri. Ena amaopa kuti masilaidi akachuluka phunziro litalika, koma sizili choncho, pakuti nkhani yake ndi yomweyo. Chasintha ndi kagawidwe kokha, monga nsima imene yaomoledwa m'mitanda.

Chiganizo chimenecho ndicho chimakhala mutu wa silaidi. Mutu wakuti "Zizindikiro za Kolera" sunena kanthu, umangolozera kumene nkhani ikupita. Koma mutu wakuti "Chimbudzi chonga madzi otsukira mpunga: thamangirani kuchipatala" wanena phunziro lonse, kotero kuti ngakhale wofika mochedwa atolapo kanthu. Mawu ena onse amene anali pakhoma sitinawataye. Tinawasamutsira m'bokosi la pansi limene mu PowerPoint limatchedwa Notes, momwe mphunzitsi amawaona yekha kapena kuwasindikiza papepala lakelake.

Titatero, pansi pa mutu uliwonse tinalemba malangizo awiri aafupi. Oyamba anali a chithunzi: chioneke chiyani, ndipo chijambulidwe kuti. Achiwiri anali a kayalidwe: chithunzicho chikhale mbali iti, chikule bwanji, ndipo mawu otsala akhale pati. Malangizo otere amathandiza chifukwa wojambula angathe kukhala munthu wina, ndiponso amaletsa chizolowezi chotola chithunzi chilichonse chimene chapezeka pafupi. Tiyeni tione atatu mwa masilaidi asanu ndi awiri aja.

Silaidi ya zizindikiro inali ndi mfundo zisanu ndi zitatu. Tinasiyapo mutu umene tautchula kale uja. Pa malangizo a chithunzi tinalemba kuti: tambula yagalasi yokhala ndi madzi otsukira mpunga, yojambulidwa pafupi, kumbuyo kwake kuli nsalu yakuda kuti kuyera kwa madziwo kuoneke. Tinasankha tambula chifukwa chithunzi cha chimbudzi chenicheni chikadachititsa anthu manyazi, makamaka pamene mpongozi ndi mkamwini akhala m'chipinda chimodzi, ndipo munthu wamanyazi amayang'ana pansi. Pa kayalidwe tinalemba kuti: mutu pamwamba, chithunzi chidzaze malo onse otsala, pasakhale mawu ena. Zizindikiro za kutha kwa madzi m'thupi, monga maso olowa m'kati, zinapita pa silaidi yakeyake.

Silaidi ya madzi a shuga ndi mchere ndiyo inatidyera nthawi, pakuti ndi pamene panali moyo wa mwana. Mutu wake unakhala wakuti "Paketi ya Thanzi ikasowa: shuga 6, mchere theka, madzi lita imodzi." Pa chithunzi tinalemba kuti: masupuni a tiyi asanu ndi imodzi a shuga, osalazidwa pamwamba, oyalidwa pamzere, supuni imodzi yokha ya mchere wofika theka, ndi mabotolo awiri a theka la lita odzaza madzi otetezedwa. Pa kayalidwe tinalemba kuti: silaidi igawidwe patatu kuchokera kumanzere kupita kumanja, mabotolo poyamba, shuga pakati, mchere kumapeto, ndipo pansi pa gawo lililonse pakhale liwu limodzi ndi nambala yaikulu.

Apa tinakumana ndi vuto limene sitinaliganizire. Pachithunzi, shuga woyera ndi mchere zimafanana, ndipo tikadasiya choncho tikadabwereza cholakwa chomwe chija. Choncho tinawonjezera pa malangizo kuti shuga akhale wabulauni amene anthu amamudziwa, paketi yake ili kumbuyo kwa masupuni, ndipo mchere ukhale m'kambale kake patali. Tsopano diso linkaona lokha kuti kumene kuli gulu la masupuni ndi ku shuga, ndipo mchere uli wokhawokha. Langizo lakuti madziwo akatha maola 24 atayidwe, ndi lakuti wodwala azimwa ali paulendo wa kuchipatala, tinawaika mu Notes kuti mphunzitsi awanene ndi pakamwa.

Silaidi yachitatu inali yofotokoza mmene kolera imafalira, ndipo apa chithunzi cha kamera sichikadakwanira, chifukwa nkhani yake ndi ulendo. Tinalemba kuti pajambulidwe ndi manja zinthu zinayi zolumikizidwa ndi mivi: chimbudzi chogumuka, madzi a mvula oyenderera, chitsime chosatetezedwa, ndi ndowa ya m'nyumba. Kayalidwe kake ndi mzere umodzi wopingasa, mivi yonse yoloza kumanja, ndipo chinthu chilichonse chituluke pachokha pamene mphunzitsi akuchitchula. Nzeru yoonetsa matendawa ndi chojambula ndi yakale. Pa mliri wa mu 1854 mumzinda wa London, dokotala John Snow anaika zizindikiro pa mapu posonyeza nyumba za omwalira, ndipo aliyense woyang'ana mapuwo ankaona kuti imfa zinaunjikana mozungulira mjigo wa mumsewu wa Broad.

Pali malamulo ochepa a kayalidwe amene tinawatsata pa masilaidi onse. Tinasankha kayalidwe kotchedwa Title Only, kamene kamasiya malo a mutu okha, kuti tisayesedwe kudzazanso mizere. Zilembo sizinatsike pa msinkhu wa 28. Popeza makalasi ambiri alibe makatani ndipo dzuwa limalowa pamazenera, tinagwiritsa ntchito zilembo zakuda pamalo oyera, pakuti mitundu yofooka imazimirira m'chipinda chowala. Mutu tinauika pamalo amodzimodzi pa silaidi iliyonse kuti diso lisamausake. Ndipo poti magetsi sapangana ndi munthu, silaidi iliyonse tinaisindikiza papepala kuti phunziro lisaime pulojekita ikazima.

Komabe chithunzi nacho chili ndi misampha yake. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada: woika zithunzi zisanu pa silaidi imodzi wangosintha mtundu wa chisokonezo. Chithunzi cha mpope wonyezimira wa m'bafa la kunja sichiphunzitsa kusamba m'manja pamudzi pamene anthu amagwiritsa ntchito mpondagiya. Woonayo amangoti izi nza eni ndalama. Ntchentche yokulitsidwa mpaka kudzaza khoma ingathe kuoneka ngati chilombo chachilendo, choncho ijambulidwe itatera pa mbale ya nsima kuti kukula kwake kudziwike. Ndipo nkhope ya wodwala isaikidwe pakhoma mwini wake asanavomere, pakuti kumudzi anthu amadziwana.

Nanga tingadziwe bwanji kuti silaidi yakonzeka? Njira yake ndi yapafupi. Itanani munthu amene sanaonepo phunzirolo, aime kumbuyo kwenikweni kwa chipinda, ndipo muonetseni silaidi kanthawi kochepa, kongokwanira kuwerenga manambala kuchokera pa 1 mpaka 5. Kenaka zimitsani ndi kumufunsa kuti, "Mwaona chiyani, ndipo mukachita chiyani?" Akayankha zosiyana ndi mutu umene munalemba papepala, wolakwa si iye koma silaidiyo. Ife tinayesa pa gogo wina wogulitsa masamba, ndipo ataona silaidi ya masupuni anati, "Mwana wanga, shuga ndiye wambiri, mchere nkungolawitsa." Pamenepo tinadziwa kuti chithunzi chagwira ntchito yake.

Tivomereze kuti si nkhani zonse zimene zingasanduke chithunzi. Miyeso ya mankhwala a kulorini, mayina a zipatala ndi ndondomeko yotumizira malipoti zimafuna kulembedwa bwinobwino, ndipo malo ake ndi papepala limene wophunzira atenge popita kwawo, osati pakhoma. Khoma ndi la chinthu chimodzi chimene chiyenera kukhazikika m'mutu pamene pepala latayika ndipo nyali yazima.

M'gawo lotsatira tidzaona mmene pepala lopita nalo kunyumbalo lingalembedwere kuti ligwirizane ndi zimene anthu anaona pakhoma.