"Pokhapokha": Mawu Amene Agwira Malonda Onse a Nyumba

Tsiku losainirana pangano logula nyumba limakhala lachimwemwe. Wogula amatuluka mu ofesi ya loya atakumbatira envulopu ya khaki, n'kuyamba kuimbira abale kuti nyumba ija yatheka. Nayenso wogulitsa amakhala atagawa kale ndalamazo m'mutu: zina za sukulu fizi, zina zomalizira nyumba ya kumudzi. Koma pa tsamba lachiwiri kapena lachitatu la panganolo pamakhala ndime imene ambiri amangoidutsa ndi maso, yonena kuti malondawa adzapitirira pokhapokha zakutizakuti zitachitika. Ndime imeneyi ndi imene imadzalamula ngati munthu alowe m'nyumbamo kapena abwerere, komanso ngati ndalama zimene anaperekeratu zidzabwezedwe.

Tiyerekeze ndi mayi wina, mphunzitsi, amene wapeza nyumba ya zipinda zitatu ku Eliya 25 mumzinda wa Lilongwe. Mtengo wake ndi K60 miliyoni. Mayiyu wapereka dipoziti ya K6 miliyoni, ali ndi K14 miliyoni ina imene wakhala akusunga, ndipo K40 miliyoni yotsalayo akudalira ngongole ya kubanki. Nyumbayo ili pamalo a lizi ya zaka 99, kutanthauza kuti nthakayo ili ndi mwini wake amene anaibwereketsa, kaya ndi boma, khonsolo kapena bungwe la nyumba la MHC. Pa 2 Meyi onse awiri asainira pangano lokhala ndi mfundo ziwiri zoyenera kuchitika kaye: banki ilembe kalata yovomera ngongole yosachepera K40 miliyoni pofika pa 30 Juni, ndipo mwini nthaka apereke chilolezo cholembedwa chosinthira umwini pofika pa 31 Julayi.

Mfundo ziwirizi zili ngati zipata ziwiri panjira yopita ku nyumbayo. Zisanatseguke, mayiyu sangaumirizidwe kumaliza kulipira, ndipo mwini nyumba sangaumirizidwe kupereka makiyi kapena kusainira chikalata chosinthira umwini. Komabe izi sizitanthauza kuti onse ndi omasuka. Pangano lotere limamanga anthu kuchokera tsiku losainirana. Wina akabwera pa 20 Meyi ndi K65 miliyoni pamanja, mwini nyumbayo alibe ufulu womugulitsa, chifukwa analonjeza kudikira. Mayiyunso sangangosintha maganizo chifukwa waona nyumba ina yomusangalatsa ku Eliya 49.

Mfundo zoterezi sizilembedwa mongokometsera pepala. Zimalembedwa chifukwa makiyi a zipatazo ali m'manja mwa anthu ena. Wogula sangalamule banki kuti imukongoze. Banki imayamba yatumiza katswiri kukayesa mtengo weniweni wa nyumbayo, kuona malipiro a wopemphayo, ndi kufufuza ngati ali ndi ngongole zina. Wogulitsa nayenso sangalamule mwini nthaka. Ngati lizi inanena kuti malowo asasinthe manja popanda chilolezo cholembedwa, ku ofesi ya kaundula wa malo salembetsa dzina latsopano chilolezocho chisanaoneke, ndipo mwini nthaka nthawi zambiri amayamba waona ngati lendi ya malowo inalipidwa yonse. Pamene nyumba ndi ya masiye, chipata china chimakhala makalata a khoti opatsa munthu mphamvu yoyendetsa chuma cha malemu. Mwana wamkulu sangagulitse chabe chifukwa ndi wamkulu.

Apa m'pofunika kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene zimaoneka ngati zofanana. Pali lonjezo, ndipo pali mfundo yodikirira. Wogulitsa akalemba kuti adzamaliza ngongole ya mareti ku khonsolo tsiku losinthana lisanafike, limenelo ndi lonjezo. Akalephera waphwanya pangano, ndipo angathe kulipitsidwa chipukuta misozi. Koma pangano likati malonda adikira kuvomera kwa banki, palibe amene walonjeza kuti banki idzavomera. Ikakana, palibe wolakwa. Kusiyana kumeneku ndi kumene kumanena kolowera dipoziti.

Tsono tibwerere kwa mphunzitsi uja. Wapereka zonse zimene banki inafuna m'sabata yoyamba ya Meyi. Katswiri wa banki wapita kukaona nyumbayo, wapeza ming'alu pakhoma la kuchipinda chochezera, ndipo waiika pa mtengo wotsikirapo. Pa 24 Juni banki yalemba kuti ingathe kupereka K32 miliyoni basi. Pangano linanena K40 miliyoni, choncho mfundo ija sinakwaniritsidwe, ngakhale banki sinakane kotheratu. Pa 30 Juni pakadutsa zinthu zili choncho, malondawo amafa, mwina okha, mwina mmodzi akalemba kalata yowathetsa, malinga ndi mmene ndimeyo inalembedwera. Aliyense amabwerera pamene anali: mwini nyumba ndi womasuka kufuna wogula wina, ndipo K6 miliyoni ija iyenera kubwerera kwa mayiyu, kupatula ngati pangano linanena mosabisa kuti gawo lina lidzatsala. Zimene aliyense anawononga payekha, monga zolipira katswiri woyesa mtengo, kawirikawiri zimangopita.

Nkhani imasintha ngati mayiyu sanapiteko n'komwe ku banki, kapena anasiya dala kupereka mapepala a malipiro ake kuti apeze pothawira. Malamulo salola munthu kutseka yekha chipata kenako n'kumadandaula kuti n'chotseka. Amene mfundo ili m'manja mwake ayenera kuchitapo khama loyenera, ndipo mnzake sayenera kumutchinga. Wogula wotereyu amaonedwa ngati waphwanya pangano, ndipo dipoziti yake ingathe kumira. Chimodzimodzinso mwini nyumba amene wasunga fomu yopemphera chilolezo m'dilowa chifukwa wamva kuti mitengo ya nyumba yakwera: wogula angathe kumutengera ku khoti kuti amulipire, kapena kuti aumirizidwe kuchita mbali yake. N'chifukwa chake kope ya kalata iliyonse yodindidwa chidindo cha tsiku limene inalandiridwa ndi yamtengo wapatali. Khama limene lilibe umboni n'lovuta kulionetsa pamaso pa woweruza.

Palinso njira yopulumutsira malonda. Tiyerekeze kuti mlongo wa mayiyu amene ali ku Joni wamutumizira K8 miliyoni yosowayo. Mfundo ya ngongole inaikidwa kuti iteteze wogula yekha, choncho iye angathe kuisiya, n'kulembera wogulitsa pa 28 Juni kuti apitiriza malonda ndi K32 miliyoni ya banki. Achite zimenezi tsiku lomaliza lisanadutse, chifukwa pangano likafa silidzuka ndi mawu a munthu mmodzi. Koma mfundo ya chilolezo cha mwini nthaka sangaisiye motero. Imakhudza onse awiri, ndipo ngakhale atagwirizana kuinyalanyaza, dzina la mayiyu silingalowe m'kaundula.

Tsiku lomaliza ndi pamene anthu ambiri amapunthwa. Makhoti a kuno amatsata mfundo zambiri za malamulo a mapangano zochokera ku England, ndipo mlandu wodziwika pankhaniyi ndi wa Aberfoyle Plantations ndi Cheng, umene unachokera ku Malaya n'kugamulidwa ku London mu 1959. Kampani inagulitsa munda waukulu umene mbali yake inali pa malizi otha ntchito, pa mfundo yakuti iwakonzetsenso kuboma. Tsiku linakwana malizi asanatuluke, wogula anafuna dipoziti yake, ndipo oweruza anati aitenge. Anafotokozanso ndondomeko yake: ngati pangano latchula tsiku la mfundoyo, tsikulo ndi lomwelo, ngati silinatchule, malire ndi tsiku lomalizitsa malonda, ngati nalonso palibe, ndi nthawi yoyenera. Mawu oti "nthawi yoyenera" amamveka abwino, koma kwa wogula angakhale miyezi isanu ndi umodzi pamene kwa wogulitsa ndi masabata asanu ndi limodzi, ndipo wodzawaweruza ndi khoti.

Choncho ngati pa 25 Julayi chilolezo chili chisanatuluke, koma onse akufunabe malondawo, asamangouzana pa foni kuti "tidikirebe pang'ono". Alembe tsamba limodzi lowonjezera nthawi, lotchula tsiku latsopano, onse asainire 31 Julayi isanafike. Mawu a dobadoba oti zonse zili bwino sateteza aliyense.

Kalembedwe ka mfundoyo nakonso kangaphe malonda. Mu 1972 khoti lina la ku England linapeza kuti mawu ongonena kuti wogula apeze ngongole yomukhutiritsa anali osamveka, kotero panalibe pangano loti n'kugwira. Makhoti a m'mayiko ena anaziona mosiyana, koma phunziro lake ndi limodzi. Mfundo yabwino imatchula chimene chikudikiridwa ndi kuchuluka kwake, amene achiyendere, tsiku lomaliza, pepala limene lidzakhale umboni, ndi kumene dipoziti idzapite zikakanika.

Funso lomalizali ndi limene limandikhudza kwambiri, chifukwa kukhala ndi ufulu wobwezeredwa ndalama n'kosiyana ndi kuzilandira m'manja. Mayi uja akanapereka K6 miliyoni kwa mwini nyumba mwachindunji, pofika Julayi mwina ikanakhala itasanduka malata ndi simenti kumudzi, ndipo kuti aipeze akanayenda m'makhoti kwa nthawi yaitali. Njira yotetezeka ndi yakuti dipoziti isungidwe ndi loya mu akaunti ya ndalama za makasitomala, ndipo pangano linene kuti isaperekedwe kwa aliyense kufikira zipata zonse zitatseguka kapena malonda atafa. Chifukwa chomwecho chikuletsa wogula kulowa m'nyumba msanga n'kuyamba kumanga mpanda, kuika matailosi kapena kupenta. Malonda akafa, mpandawo sanganyamule, ndipo kubwezeredwa mtengo wake ndi mkangano wina watsopano.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa malonda a nyumba, kudekhako kuli ndi masiku ake olembedwa. Musanasainire, funani mawu oti "pokhapokha" m'panganolo, muike chala pamenepo, ndipo mufunse loya kuti akuuzeni m'Chichewa chomveka chimene chidzachitike m'mawa wa tsiku lotsatira tsiku lomaliza, ngati kalata ya banki kapena chilolezo chili chisanabwere. Yankho lake likakhala losamveka, ndimeyo ilembedwenso ndalama zanu zikadali m'thumba mwanu.