Njere 20 Zingatiuze Chiyani za Thumba Lonse la Mbewu?

Mlimi amene wasunga mbewu ya chimanga amakhala kale ndi ganizo lake asanabzale: pa njere 10 zilizonse, 8 zimera. Nanga akaiyesa mbewuyo n'kupeza zosiyana, ganizolo alisinthe mpaka pati? Masamu ali ndi yankho, ndipo gwero lake ndi nkhani ya Thomas Bayes, m'busa wa ku England, yomwe inasindikizidwa mu 1763 iye atamwalira kale.

Ganizo loyamba timalilemba kuti Beta(a, b). Chilembo a chili ngati njere zimene tinaziona zikumera, b zimene zinakanika, ndipo mwayi woti njere imere ndi a/(a + b). Tiyerekeze kuti mlimi wathu wayamba ndi Beta(8, 2), kutanthauza 80 peresenti.

Tsopano watapa njere 20, wazikulunga m'chiguduli chonyowa, ndipo patatha sabata wawerenga. Zamera 12, zina 8 zangofufuma n'kuwola. Ntchito yatsala ndi yophatikiza basi: zomera ku a, zokanika ku b.

Beta(8 + 12, 2 + 8) = Beta(20, 10)

Mwayi tsopano ndi 20/30, pafupifupi 67 peresenti. Sitinakakamire pa 80 wakale, komanso sitinathamangire pa 60 wa m'chiguduli. Yankho lapendekera ku 60 chifukwa njere zoyesedwa zinali 20, pamene ganizo loyamba linkalemera ngati njere 10 zokha.

Kulemera kumeneku ndiye pagona nkhani, ndipo ndikuona kuti ophunzira ambiri amapadumpha. Mlimi wina angayambe ndi Beta(80, 20). Nayenso akunena 80 peresenti, koma motsimikiza ngati munthu amene anawerengapo njere 100. Zotsatira zomwe zija zimupatsa Beta(92, 28), ndiye kuti 92/120, pafupifupi 77 peresenti. Umboni ndi umodzimodzi, koma iye wangosuntha pang'ono. Ngati kutsimikizako kunachokera pa mbewu yogula kusitolo chaka chatha, pamene ya chaka chino yagona m'nkhokwe yodontha, masamu amusocheretsa ngakhale waphatikiza bwino. Chizindikiro chilipo: munthu wokhulupirira 80 peresenti amayembekezera njere pafupifupi 16 pa 20, ndipo kupeza 12 sikuchitika kawirikawiri. Zikatero, akayikire ganizo loyambalo, ayesenso njere zina.

Njirayi imafunanso kuti njere zoyesedwa ziimire thumba lonse. Mukatapa pamwamba pokha, pamene chinyezi ndi anankafumbwe zili pansi, mwayesa mbewu ina n'kubzala ina. Sakanizani kaye. Ndipo mukayesanso njere zina 20, yambirani pa Beta(20, 10) n'kuwonjezera zatsopano zokhazo. Zoyamba zija zinalowa kale m'chiwerengero, ndipo kuziwerenga kawiri kumakupatsani chitsimikizo choposa umboni umene muli nawo.