Logo yochokera pa WhatsApp ikafuna kukwera pa chikwangwani

Eni mabizinesi ambiri akapita kokalembetsa chikwangwani, logo yawo amaitumiza pa WhatsApp. Pafoni imaoneka bwino, koma ikakulitsidwa m'mbali mwake mumatuluka mano.

Chifukwa chake n'chakuti chithunzi cha JPEG kapena PNG chimapangidwa ndi timabokosi tamitundu totchedwa mapikiseli, ndipo chiwerengero chake sichikula. Tiyerekeze logo ya malo odyera, nsomba ya chambo mkati mwa bwalo ndi dzina pansi, yotambalala mapikiseli 400. Pa chikwangwani cha mamita awiri, kabokosi kalikonse kadzafika mamilimita asanu, koonekeratu ndi maso. Ngakhale papepala, pomwe osindikiza amafuna timadontho 300 pa inchi, logo imeneyi singapitirire masentimita atatu ndi theka isanayambe kuchita chimbuuzi.

Mankhwala ake ndi kuijambulanso ngati vekita. Fayilo ya vekita, monga SVG kapena EPS, imasunga malangizo a mizere, kuti mzerewu uyambire apa, upindike chonchi, uthere apo. Kompyuta imaiwerengera mwatsopano pa msinkhu uliwonse, ndipo ndi mizere yomweyi imene mpeni wa makina odula zomata umatsata.

Njira yachidule ilipo. Mu Inkscape, pulogalamu yaulere, mumasankha chithunzicho n'kupita pa Path > Trace Bitmap. CorelDRAW ili ndi PowerTRACE. Vuto n'lakuti pulogalamu sidziwa kuti ichi ndi chambo. Imatsata zonse, ndi zipsera za JPEG zomwe, choncho bwalo limatuluka lamabampu, makona a zilembo amabulungika, ndipo mzere umodzi umadzaza timfundo tambirimbiri tomwe timachititsa mpeni kunjenjemera.

Pa logo yaing'ono chonchi, ine ndimati bola kujambula pamanja. Chithunzi chakale chiikeni pansi, muchikhome kuti chisasunthe, muzilondola pamwamba. Bwalo lijambuleni ndi chida cha mabwalo. Chambocho mulondole ndi cholembera cha Bezier, mukuika mfundo pokhapo pamene mzere wakhota kapena wafika pansonga. Msana wonse wa nsomba umatheka ndi mfundo zitatu kapena zinayi. Dzina musalilondole ayi. Fufuzani mtundu wa zilembo zake, mulitayipenso, kenako mulisandutse mizere ndi Path > Object to Path, kuopa kuti kompyuta ya wosindikiza ikasowa zilembozo ingaike zina.

Chenjerani ndi omwe amangolowetsa JPEG mu PDF n'kunena kuti ntchito yatha. Kuti muwagwire, tsekulani fayiloyo mu Inkscape, mupite pa View > Display Mode > Outline. Vekita yeniyeni imaonetsa mizere ya bwalo, ya nsomba ndi ya chilembo chilichonse, pomwe chithunzi chobisidwa chimangooneka ngati bokosi lodulidwa ndi mtanda.